Telala akatopa ndi ntchito: kuzindikira kutopa kosachoka ndi kukana maoda osapindulitsa

Telala amene ali ndi mulu wa nsalu pakona ya shopu yake, anthu amati zake zikuyenda. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zambiri muluwo umakhala wodzaza ndi malonjezo amene mwini wake sangawakwanitse, ntchito zimene anavomera pamtengo wosabweza thukuta, ndi nsalu za achibale zimene sadzalandirapo kanthu. Malangizo awa ndalembera osoka zovala, kaya muli pakhonde la sitolo, mumsika kapena pakhomo, chifukwa ntchito yathu ili ndi misampha yakeyake. Cholinga changa ndi chakuti mudziwe ntchito zimene zikukudyerani maola ndi mphamvu, kenako muzikane nsalu isanalowe m'manja mwanu.

Choyamba: dziwani mtundu wa kutopa kwanu

Kutopa wamba tonse timakudziwa. Mwapalasa makina tsiku lonse, msana ukuwawa, maso akulemera, mwagona, m'mawa mwadzuka mwatsitsimuka. Kutopa kumene ndikunena pano ndi kwina. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakufotokoza ngati vuto lochokera ku ntchito, lobwera pamene munthu wakhala pa mpanipani wa ntchito nthawi yaitali popanda kuupepuza. Linatchula zizindikiro zitatu, ndipo zonse zimaoneka bwino pa telala.

Choyamba ndi kutheratu mphamvu. Mumadzuka muli wotopa kale, ndipo ngakhale mutapuma Lamulungu lonse, Lolemba mumafika pa makina ngati simunapume. Chachiwiri ndi kuipidwa ndi ntchitoyo komanso anthu amene mumawagwirira. Kasitomala akatulukira atanyamula jumbo, mtima umagwa m'malo mokondwa. Foni ikalira mumaiyang'ana n'kuisiya. Mumayamba kuyankha mwaukali anthu amene kale munkacheza nawo uku mukuwayeza. Chachitatu ndi kuchepa kwa luso ndi kudzidalira. Munthu amene wasoka zaka zambiri amayamba kudula manja awiri a mbali imodzi, kuiwala muyeso umene walemba yekha, kusokerera zipi mokhota n'kumasula kawiri. Diresi limene linkatenga tsiku limodzi limayamba kutenga masiku awiri, ndipo mumayamba kudzifunsa ngati ntchitoyi mumaidziwadi.

Chachitatuchi ndicho chimene chimaononga ndalama mwakachetechete. Nsalu ya kasitomala mukaidula molakwika, mumalipira nokha. Maola omasula ndi kusokanso palibe amene amakulipirani. Ndiye mumavomera ntchito ina kuti mubweze zimene mwataya, n'kutopa kuposa kale.

Njira yosavuta yodziyesera ndi iyi. Tsekani shopu masiku awiri otsatizana, foni ya makasitomala muizimitse, mugone mokwanira. Ngati tsiku lachitatu mwabwerera ndi mphamvu ndipo manja akufuna nsalu, kunali kutopa wamba, ndipo mankhwala ake ndi tulo ndi tsiku lopuma sabata iliyonse. Ngati mukuyandikira shopu mtima uli wolemera monga munachokera, vuto lili m'kagwiridwe ka ntchitoyo, ndipo kupuma kokha sikungalithetse.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna muchidumphe. Matenda angapo amabwera ndi kufooka kofanana ndi kumeneku. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa chizungulire, befu ndi kuyera kwa zikhatho. Shuga amabweretsa ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Chifuwa chachikulu chimabwera ndi kutsokomola kopitirira masabata awiri, kuonda ndi thukuta la usiku. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikumveka n'komwe mpaka mutayezetsa. Pitani kuchipatala akakuyezeni musanaganize kuti zonse ndi ntchito. Ndipo ngati chisoni chakutsatirani kunja kwa shopu, moti chakudya, ana, mpingo ndi abwenzi sizikukusangalatsaninso kwa masabata awiri kapena kuposa, amenewo angakhale matenda a kukhumudwa, amene ali ndi chithandizo chake. M'zipatala za boma za m'maboma muli ogwira ntchito oona za matenda a maganizo, ndipo kuli chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba komanso cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo ndipo mupite naye kuchipatala.

Chachiwiri: lembani maola, osati ndalama zokha

Matelala ambiri ali ndi kope la miyeso, ndipo ena amalembamo ndalama zimene alandira. Ochepa kwambiri amalemba maola. Kwa masabata awiri, tengani tsamba limodzi la kumapeto kwa kope lanu, ndipo pa ntchito iliyonse lembani zinthu zinayi: ndalama zimene mwalandira, ndalama zimene mwaonongera ntchitoyo, maola onse amene yatenga, ndi mmene mwamvera mutaimaliza. Pa chomalizachi chizindikiro chokha chikwanira, mtanda pa ntchito imene yakusautsani, chongani pa imene mungakonde kuigwiranso.

Pa maola musalembe a pa makina okha. Lembani nthawi yoyeza, yodula, yosita, yopita kutauni kukagula zipi ya mtundu wofanana ndi nsalu, yodikira kasitomala amene anati afika 10 koloko n'kufika 2 koloko, yoyankha mauthenga a pa WhatsApp usiku, ndi yolondola ndalama yotsala. Maola obisikawa ndi amene amasiyanitsa ntchito yabwino ndi yoipa.

Muwerengerenso maola a sabata yonse. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi, la chaka cha 2000, limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya masiku onse kwa munthu wolembedwa. Wodzilemba yekha lamuloli silimuteteza, choncho malire ayenera kudziikira. Kafukufuku amene WHO ndi bungwe la za ntchito la ILO anatulutsa mu 2021 anapeza kuti kugwira maola 55 kapena kuposa pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi kugwira maola 35 mpaka 40. Telala amene amatsegula 7 koloko m'mawa n'kutseka 7 koloko madzulo, masiku asanu ndi limodzi, ali kale pa maola 72, ndipo mu Disembala ena amatengera nsalu kunyumba.

Chachitatu: pezani mtengo wa ola lanu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tiyende pang'onopang'ono. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza. Inu muikemo anu a mwezi uno, chifukwa mitengo ikusintha msanga.

Tiyerekeze mayi wosoka pakhonde la sitolo ku Ndirande. Pakhomo pake, lendi, chakudya, fizi ya ana, sopo, makala ndi zina zimafuna K350,000 pa mwezi. Bizinesi payokha, ndiye kuti lendi ya khonde, chiphaso cha msika, mafuta a makina, singano ndi kandalama kosungira tsiku limene makina adzaonongeke, imafuna K70,000. Zonse pamodzi ndi K420,000.

Tsopano maola. Akadziikira malire a maola 48 pa sabata, si onse amene ntchito yolipidwa ingalowemo. Ena amapita ku kusesa, kukonza makina, kuzima kwa magetsi, matenda a mwana, maliro. Tinene kuti amatsala ndi maola 35 pa sabata, omwe ndi 140 pa mwezi. Tikagawa K420,000 ndi 140 tipeza K3,000. Umenewu ndiwo mtengo wa ola lake. Ntchito iliyonse imene ikumusiyira ndalama yochepera K3,000 pa ola, atachotsa zogula, ikumukakamiza kugwira maola oonjezera kuti mwezi uthe bwino, ndipo maola oonjezerawo amachokera ku tulo take.

Ndiye kwabwera oda ya ukwati: madiresi 8 a atsikana operekeza mkwatibwi, a layiningi, pa K15,000 limodzi. Ndalama yonse ndi K120,000, ndipo ikamveka choncho mtima umadumpha. Tiyeni tione zimene zinachitika. Zipi, ulusi, layiningi ndi makala a ayironi zinatenga K3,500 pa diresi, pamodzi K28,000. Ovaloko anakachititsa kwa mnzake pa K1,000 diresi limodzi, K8,000. Anapita ku Limbe kawiri, chifukwa ulendo woyamba layiningi ya mtundu umene mkwatibwi ankafuna sinapezeke, minibasi K6,000. Zogula zonse ndi K42,000, ndipo yotsala m'manja ndi K78,000.

Kuyeza, kudula, kusoka ndi kusita kunatenga maola 6 pa diresi, pamodzi 48. Maulendo a ku Limbe anadya maola 5. Atsikanawo anabwera kudzayesa aliyense tsiku lake, wina anafuna lothina, wina anasintha khosi, wina analowa m'malo mwa mnzake amene anachoka pa mndandanda, ndipo zimenezi zinatenga maola 12. Mafoni, kudikira ndi kulondola ndalama, maola 5. Onse pamodzi ndi 70. Gawani K78,000 ndi 70, mupeza pafupifupi K1,100 pa ola. Ndipo ngati a komiti ya ukwati atsala ndi K30,000 n'kunena kuti adzapereka akawerenga za perekaniperekani, kenako osaonekanso, ola lake latsika kufika pansi pa K700.

Tsopano yerekezani ndi tintchito timene amationa ngati tosafunika. Kusintha zipi ya thalauza amalandira K2,000, zipi agula K500, ntchito ya mphindi 20. Pa ola ndiye K4,500. Yunifomu ya sukulu, kholo litabweretsa nsalu, amalandira K5,000, zogula K500, ola limodzi ndi theka, ndiye K3,000 pa ola. Masabata awiri amene anali pa madiresi a ukwati, anthu a mazipi ndi mayunifomu ankawauza kuti abwere sabata ya mawa, ndipo ena anapita kwa telala wina.

Sindikunena kuti maoda a ukwati ndi oipa, kapena kuti mazipi angadzaze tsiku lonse, ayi. Ndikunena kuti kukula kwa ndalama imene yatchulidwa sikukuuzani chilichonse mpaka mutaigawa ndi maola. Kwa telala wina masamu angatuluke mosiyana: masuti angakhale amene akumupindulira, mayunifomu n'kukhala amene akumudya. Kope lanu ndi limene likuuzeni.

Mukatha masabata awiri aja, yang'anani ntchito zimene zili ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, mtanda ndi ndalama yochepera mtengo wa ola lanu. Zimenezo ndi zoyamba kukana. Zolipira bwino koma zosautsa, monga za kasitomala amene amalipira msanga koma amaimba foni usiku, zimafuna malamulo. Zokondweretsa koma zolipira pang'ono mukhoza kusungako imodzi kapena ziwiri, bola mukudziwa kuti mukuzichita mwa kufuna kwanu.

Chachinayi: musanakane, yesani kusintha mgwirizano

Oda ya ukwati ija, pa maola 70 ndi zogula za K42,000, inayenera kukhala K252,000, ndiye kuti K31,500 pa diresi. Mwina ku dera lake palibe amene angalipire zimenezo. Koma maola akhoza kuchepa. Mwini ukwati abweretse yekha layiningi ndi mazipi, ulendo wa ku Limbe uchoke. Atsikana onse abwere tsiku limodzi kudzayezedwa ndi tsiku limodzi kudzayesa. Sitayilo ijambulidwe m'kope, mkwatibwi aione n'kuvomera, ndipo kusintha kulikonse nsalu itadulidwa kale kukhale ndi mtengo wake. Akatero maola amatsika kufika pafupifupi 56, zogula n'kukhala K16,000. Mtengo wonse ndi K184,000, kapena K23,000 pa diresi. Umenewu ndi mtengo umene munthu angakambirane nawo.

Pa kalipiridwe, theka liperekedwe nsalu isanadulidwe, ndipo yotsala iperekedwe chovala chisanatuluke m'shopu. Lamulo lachiwirili ndi limene limavuta, chifukwa amabwera Lachisanu madzulo, ukwati uli mawa, galimoto ikudikira panja. N'chifukwa chake liyenera kunenedwa tsiku loyamba, n'kulembedwa m'kope pansi pa miyeso, ndipo tsiku lotenga zovala likhale Lachitatu, osati Lachisanu. Mtengo umene mwatchula unenenso kuti ukugwira ntchito kwa masabata awiri okha. Amene anatchula mitengo ya maukwati a Disembala mu Okutobala 2023 anaona zimene zinachitika ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala: zipi ndi layiningi zinakwera, mtengo wa diresi unali utamangidwa kale.

Kenako tsegulani kalendala. Ngati muli ndi maola 140 pa mwezi, maoda a maola 56 angalowemo awiri okha, n'kutsala maola 28 a tintchito ting'onoting'ono. Yachitatu ilibe malo, ngakhale italipira bwino chotani. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo telala amagwa mu Disembala, pamene maukwati, zinkhoswe ndi zovala za Khirisimasi zimafika nthawi imodzi, kenako mayunifomu a Januwale ali m'khosi. Lembani tsiku lomaliza kulandira maoda a nyengoyo pa pepala, mulimate pamene kasitomala aliyense angalione. Pepala limakana m'malo mwanu anthu ambiri musanatsegule pakamwa.

Chachisanu: kanani nsalu isanatsale

Ife sitikonda kunena kuti ayi. Timati "ndiona", "tayesani kubwera Lachinayi", "siyani pompo". Mawu amenewa amaoneka aulemu, koma kasitomala amamva kuti mwavomera. Akasiya jumbo n'kuchoka, mgwirizano wachitika, ngakhale mtengo simunagwirizane. Kuyambira pamenepo nsaluyo ili pa mutu panu, ndipo Lachinayi likafika muyamba kubisala kapena kunama kuti magetsi anazima. Mbiri yakuti matelala ndi abodza imachokera pamenepa kwambiri, pa anthu abwino amene analephera kukana tsiku loyamba. Choncho lamulo lalikulu ndi ili: nsalu isatsale m'shopu ngati mtengo, tsiku ndi theka la ndalama sizinatheke.

Kukana kwabwino kumakhala kwakufupi, kumanenedwa nthawi yomweyo, ndipo kumamusiyira munthu njira ina. Kwa kasitomala amene akufuna chovala mwachangu mukhoza kunena kuti: "Zikomo mayi pondiganizira. Sabata ino yadzaza kale, ndipo ndikalandira nsalu yanu ndikukhumudwitsani. Tsiku loyamba limene ndingaigwire ndi pa 18. Ngati simungadikire, pali mnzanga kuseri kwa msikawu amene amasoka bwino, ndikulozereni." Palibe mwano m'mawu amenewa, ndipo munthuyo akuchoka ali ndi nthawi yopeza telala wina.

Kwa amene akunenerera mtengo: "Bambo, pa sitayilo imeneyi mtengo wanga ndi K23,000, sindingatsike. Ngati ndalama imene muli nayo ndi K15,000, tikhoza kuchotsa layiningi ndi mapindo awa, ndikusokereni chosavuta koma chooneka bwino." Mtengo ukatsika, ntchito itsikenso. Mukangotsitsa mtengo wokha, kasitomala amaphunzira kuti woyamba uja sunali weniweni, ndipo ulendo wina adzayambira pansi penipeni. Akanena kuti uko akusoka pa K12,000, musanyoze mnzanu ndipo musapikisane naye. Nenani kuti, "N'zotheka ndithu, mukhoza kupita kumeneko, ine pamenepo sindingakwanitse." Kenako khalani chete. Ambirife timagonja pa kamphindi kachete kameneka, chifukwa timafuna kukadzaza ndi mawu, ndipo mawu amene amatuluka ndi akuti "chabwino, bweretsani".

Musachulutse zifukwa. Mukati makina akuvuta, adzati adikira akonzedwe. Mukati mwana akudwala, adzabwera mawa kudzafunsa ngati wachira. Chifukwa chimodzi choona, chakuti malo adzaza kapena mtengo sukukwana, sichisiya khomo loti munthu alowerepo.

Pali lonjezo limodzi limene muyenera kulisamala kwambiri, lakuti "ndisokereni motchipa, ndikubweretserani anthu ambiri". Anthuwo akabweradi, amabwera atauzidwa kale mtengo wotchipawo. Ngati mukufuna kuthokoza wobweretsa makasitomala, chitani zimenezo anthuwo atabwera n'kulipira, osati asanabwere.

Achibale ndi a kumpingo

Apa masamu okha sakwanira, ndipo sindingakuuzeni kuti muziwatenga azakhali anu ngati kasitomala wamba. Anthu amenewa ndi amene adzakhale nanu pa maliro ndi pa matenda. Kuwathandiza n'koyenera. Chimene chimatopetsa ndi chakuti thandizolo lilibe malire ndipo limabwera pa nthawi yoipitsitsa, chifukwa ukwati wa msuweni wanu umachitika nyengo imodzimodzi ndi maukwati a makasitomala.

Njira imene imagwira ntchito ndi kudziikira gawo la zaulere musanapemphedwe. Mwachitsanzo maola 6 pa mwezi, omwe ndi diresi limodzi kapena mayunifomu anayi. Gawolo likatha, latha, ndipo wotsatira adikira mwezi wa mawa. Mukatero mumapereka ndi mtima woyera, osati mukudandaula m'kati. Kwa azakhali amene abweretsa nsalu za banja lonse mukhoza kunena kuti: "Azakhali, lanu ndikusokerani ine, ikhale mphatso yanga pa ukwati umenewu. Koma a anthu khumi sindingathe, ndikavomera ndikuchititsani manyazi tsiku la ukwati. Enawa ndiwapezera telala wodalirika, mtengo ndikambirana naye ine." Mwapereka kanthu kooneka, mwanena malire, ndipo mwathandiza pa zotsalazo. Akakhumudwa, kukhumudwa kwa lero n'kochepa poyerekeza ndi kwa tsiku limene madiresi anayi adzakhale asanathe.

Kwa alamu kapena mnzanu amene amati adzalipira kumapeto kwa mwezi, muuzeni kuti zogula alipiriretu, chifukwa zipi ndi ulusi simutenga pa ngongole. Ku mpingo, gulu la amayi likafuna mayunifomu, siyanitsani chopereka ndi ntchito pamaso pa onse: "Awiri ndisoka ngati chopereka changa, otsalawo mtengo wake ndi uwu." Zikanenedwa poyera pa chiyambi, palibe amene adzanene kuti mwasintha mawu.

Ngati mulu ulipo kale

Mwina mukuwerenga izi muli kale m'kati mwa moto. Musayambe ndi kusoka usiku wonse. Tsekani chitseko kwa theka la tsiku, tsitsani mulu wonse, ndipo pa nsalu iliyonse ikani kapepala ka dzina, tsiku limene munalonjeza ndi maola amene ikufuna. Phatikizani maolawo, muyerekeze ndi amene muli nawo. Zimene mwadula kale ndi zimene munalandirira ndalama, zimenezo muyenera kumaliza, kuyambira imene tsiku lake lili pafupi. Zimene simunadule ndipo sizikwana mu nthawi, imbani foni lero: "Pepani kwambiri, ndaona kuti sindikwanitsa pa tsiku limene tinagwirizana. Nsalu yanu ili bwinobwino, sindinaidule. Mukhoza kudzaitenga pamodzi ndi ndalama imene munapereka, kapena mudikire mpaka pa 25." Mafoni amenewa ndi owawa, koma amatenga ola limodzi, pamene kubisala kumatenga mwezi wonse. Ndalama imene munalandira ibwezeni yonse, kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money ngati munthuyo ali kutali, kuti pakhale umboni.

Pamene mukumaliza zotsalazo, musalandire oda yaikulu ina iliyonse. Ikani ola lotsekera ndipo nsalu isapite kunyumba. Kudula muzichita m'mawa maso akadali akuthwa, chifukwa cholakwa cha pa sizasi sichimasulika ngati cha pa makina. Ola lililonse imirirani, muongole msana, muyang'ane patali kwa kanthawi. Mowa ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimabisa kutopa kwa maola ochepa n'kuononga tulo ta usiku umenewo, ndipo mankhwala opha ululu omwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana ndi chizindikiro chakuti mukufunika kuonana ndi a chipatala.

Zimene muyembekezere mwezi woyamba

Makasitomala ena achoka, ndipo ndalama yolowa ikhoza kutsika masabata oyamba. Musaweruze ndi ndalama yolowa. Bwererani ku kope: yotsala mutachotsa zogula, yogawa ndi maola, ikukwera kapena ayi? Zovala zobwezedwa kuti mukonzenso zachepa? Mukugona maola angati? Ngati amene achoka ndi a mtanda aja, ndipo ola lanu likuyandikira mtengo umene munawerengera, pitirizani.

Ngati amene akuchoka ndi makasitomala anu abwino, olipira pa nthawi, ndiye kuti mwakweza kwambiri nthawi imodzi. Kwa iwowo kwezani pang'onopang'ono, muwauziretu mwezi umodzi zisanachitike, ndipo mtengo watsopano wonse uyambire pa makasitomala atsopano.

Pali malire amene ndiyenera kuwanena. Ngati mwawerengera n'kupeza kuti palibe ntchito ngakhale imodzi m'dera lanu imene ikufika pa mtengo wa ola lanu, kukana kokha sikungakupulumutseni, ndipo munthu amene ana ake alibe ufa lero sangakane K15,000. Zikatero kanani imodzi yokha yoipitsitsa mwezi uno, ndipo maola amene yakusiyirani muwagwiritse ntchito posintha mtundu wa ntchito. Kudula mayunifomu khumi a saizi imodzi nthawi imodzi kumachepetsa maola pa chovala chilichonse. Kukonza zovala za kaunjika, kuchepetsa m'chiuno ndi kupinda miyendo, kumalipira pompopompo ndipo sikufuna layiningi. Kugawana oda yaikulu ndi telala mnzanu, wina adule wina asoke, kumachititsa kuti ntchito ya masabata awiri ithe sabata imodzi, bola mugwirizane za kagawidwe ka ndalama nsalu isanadulidwe. Masamu a mtengo wa ola muziwabwereza miyezi itatu iliyonse, komanso nthawi iliyonse imene lendi kapena thumba la chimanga lakwera.